Mphindi 10 ndi funso limodzi: "Wapeza bwanji?"

Foni inalira ndili pakati

Linali Loweruka la mu Juni, ku tidisi, malo ochitira maphunziro a aphunzitsi a zoni yathu kuno ku Dedza. Amene munakhalako kuno nyengo imeneyi mukudziwa kuti choko chimavuta kugwira, zala zimachita kuuma. Tinali aphunzitsi 14 ochokera m'sukulu zosiyanasiyana, ndipo alangizi athu a zoni, mayi wachikulire amene sakweza mawu, anali atatiuziratu kuti aliyense abwere ndi pulani ya mphindi 10 ya mayikulotichingi, kuyeserera kuphunzitsa pamaso pa aphunzitsi anzako.

Ine ndinaseka chamumtima nditamva zimenezo. Mayikulotichingi tinachita kukoleji, ndipo pa nthawiyi n'kuti nditagwira choko zaka 6. Usiku wa Lachisanu ndinangotsegula kope langa la mapulani, n'kutenga phunziro la masamu la sitandade 3 la kuchotsera kobwereka, lija ndimaphunzitsa m'piriyodi yathunthu, n'kuyamba kulifinya. Pamene panali mphindi 5 ndinalemba 2, pamene panali 10 ndinalemba 3. Nyimbo ya chiyambi ndinaisiya momwemo. Ntchito ya m'magulu, tchati, zitsanzo zitatu za pabolodi, ntchito yolemba, zonse zinalowa, ngati mmene timapanikizira kachewere m'thumba mpaka msoko kuyamba kulira.

Nditaima kutsogolo ndinaimbitsa nyimbo, anzanga n'kuvina pang'ono pofuna kudzitenthetsa. Ndinawagawa m'magulu, ndinagawa timitengo, ndinapachika tchati chimene chinagwa kawiri. Ndikuyamba kumene chitsanzo choyamba pabolodi, foni ya alangizi inalira. Mphindi 10 zatha. Ndinatsala chiimire, choko chili m'manja, samu ili theka.

"Timayang'ana chiyani?"

Ndemanga za anzanga zinali zaulemu. Wina anati mawu anga amamveka mpaka kumbuyo. Wina anayamikira nyimbo. Wachitatu anati ndikanafulumirako pang'ono. Ndinkangogwedeza mutu, mumtima ndikuti vuto ndi nthawi, mphindi 10 n'zochepa, palibe angaphunzitse kubwereka m'kanthawi kotero.

Alangizi anadikira onse amalize, kenako anatenga pulani yanga n'kuiyang'ana mbali zonse ziwiri.

"Aphunzitsi, pepala ili likundiuza zimene ana aphunzire. Nanga inuyo mumayeserera chiyani? Ifeyo timayang'ana chiyani?"

Ndinati ndimayeserera kuphunzitsa masamu.

"Kuphunzitsa masamu ndi nyumba yathunthu," anatero. "Lero tinakuitanani kuti mudzaumbe njerwa imodzi, tiione ngati yapsa."

Funso limenelo landikhala mpaka lero. Pulani ya kalasi ya tsiku ndi tsiku mwini wake ndi mwana: zizindikiro za kakhonzedwe zimanena zimene ophunzira achite pofika kumapeto. Pulani ya mayikulotichingi ili ndi wophunzira wachiwiri, ndipo ndi amene ali wamkulu pa tsikulo: mphunzitsi mwiniwake. Ndemanga zija za mawu ndi nyimbo sizinali ulesi wa anzanga. Sindinawapatse choti ayang'ane, ndiye aliyense anatola chimene chinamugwera m'maso.

Anatikumbutsanso kumene njirayi inachokera. Inayambira ku yunivesite ya Stanford ku Amereka mu 1963, ndipo dzina limene limatchulidwa kwambiri ndi la Dwight Allen. Maganizo ake anali ochepetsa zonse mwadala: ophunzira ochepa, nthawi yochepa, kamutu kakang'ono, luso limodzi. Ukaphunzitsa umamva ndemanga, n'kukonzanso pulani, n'kuphunzitsanso. Gawo la kuphunzitsanso limeneli ndi limene ambiri timalidumpha, n'chifukwa chake timaiona ngati mayeso chabe. Ine anandiuza kuti ndibwerenso Loweruka linalo.

Luso limodzi, koma liti?

Mndandanda wa maluso tonse tinauloweza kukoleji: kuyamba phunziro, kufotokoza, kufunsa mafunso, kuyamikira mayankho, kugwiritsa ntchito bolodi, kutseka phunziro. Poyamba ndinalemba kuti luso langa ndi "kufunsa mafunso". Nditaliyang'anitsitsa ndinaona kuti nalonso ndi nyumba. Muli kapangidwe ka funso, muli kugawa mafunso kuti asamangopita kwa okweza manja, muli kudikira, muli zimene umachita mwana akayankha. Munthu wokhala kumbuyo ndi pensulo sangaziwerenge zonsezo m'mphindi 10.

Ndiye ndinadzifunsa chimene ndimalakwitsa kwenikweni m'kalasi mwanga, ndipo yankho silinachedwe. Mwana akapereka yankho lolakwa ndimati "ayi, wina?" n'kuloza dzanja lotsatira. Akakhoza ndimati "m'manja!" n'kupitirira. Konse kuwiri sindidziwa chimene chinachitika m'mutu mwake. Zaka 6 ndikuchita zomwezo.

Pamwamba pa pepala latsopano, ndisanalembe ngakhale mutu wa phunziro, ndinalemba chiganizo ichi: "Wophunzira akayankha, sindinena kuti wakhoza kapena walakwa; ndimufunsa funso lotsatira lofufuza mmene wapezera yankholo, ndipo ndidikira masekondi osachepera 3 ndisanalankhulenso." Muyeso wabwino wa chiganizo chotere ndi uwu: kodi mnzako wakumbuyo angaike kamzere papepala nthawi iliyonse imene wachichita? Ngati sangathe, ndiye kuti sunasankhe luso, wangolemba khumbo. "Kufunsa bwino" sikuwerengeka. Funso lotsatira limawerengeka.

Za masekondi 3 si zanga ayi. Mary Budd Rowe, katswiri wa kaphunzitsidwe ka sayansi ku Amereka, anayeza m'makalasi n'kupeza kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha akafunsa funso, ndipo kuti akafikitsa masekondi 3 kapena kuposerapo, mayankho a ana amatalika ndiponso ana ambiri amayesa kuyankha. Zotsatirazi zinatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Wina anganene kuti kudikira ndi luso lachiwiri, ndipo sindingakangane naye kwambiri. Ine ndinakuika mkati chifukwa funso lofufuza lopanda kudikira umangodziyankha wekha.

42 kuchotsa 17

Luso likasankhidwa, ndilo limasankha zophunzitsa. Apa ndi pamene pulani yanga yoyamba inayambira chakumbuyo. Ngati ndikufuna kuyeserera kufufuza mayankho, ndikufunika kamutu kamene kamabala mayankho osiyana, makamaka olakwa. Phunziro latsopano silingatheke, chifukwa ndikhala ndikufotokoza ndekha nthawi yonse. Ndinaganiza zongotenga samu imodzi yokha, ngati kuti ana anaphunzira kale kubwereka dzulo lake.

Ndinalemba kankhani: mayi wina pamsika wa Lizulu anali ndi mbatata za kachewere 42, wagulitsa 17, zatsala zingati? Yankho ndi 25. Kenako ndinakhala pansi kuganiza mmene ana anga amalakwitsira samu yotere, chifukwa mafunso otsatira amayenera kukonzedwa molingana ndi zolakwazo.

Cholakwa choyamba n'chodziwika. Mwana amaona 2 pamwamba ndi 7 pansi, akuona kuti 7 sangachoke mu 2, ndiye amangotembenuza: 7 kuchotsa 2, atsala 5. Kenako 4 kuchotsa 1, atsala 3. Yankho lake 35.

Chachiwiri ndi cha mwana amene kubwereka akukudziwa. Wabwereka, 2 uja wasanduka 12, ndipo 12 kuchotsa 7 atsala 5. Koma waiwala kuti 4 uja wachepa, wakhala 3. Ndiye 4 kuchotsa 1, atsala 3. Yankho lake 35.

Ndinaima pamenepo, ndinawerengeranso kawiri. Ana awiri, matenda awiri osiyana kotheratu, yankho limodzi. Woyambayo sanamvetse n'komwe kuti khumi angamasulidwe, akufunika kubwerera ku timitengo. Wachiwiriyo wamvetsa, akungofunika chizolowezi chodula 4 n'kulemba 3. Ine amene ndimati "ayi, wina?" ndinkawapatsa mankhwala amodzi onse awiri, kapenanso osawapatsa kalikonse. Samu imeneyi ndinaisankha mwangozi, koma ikanakhala 43 kuchotsa 17 sizikanatero: woyamba akanapeza 34, wachiwiri 36, ndipo ukanawasiyanitsa ndi maso. Pa 42 kuchotsa 17 palibe njira ina yodziwira koma kufunsa. Ndinadziwa kuti ndapeza samu yoyenera luso langa.

Zimene zinalowa papepala

Pulaniyo inakwana tsamba limodzi. Pamwamba panali luso lija. Pansi pake chizindikiro cha kakhonzedwe chimodzi chokha: ophunzira afotokoze ndi pakamwa mmene achotsera 17 mu 42. Zipangizo: mitolo 4 ya timitengo 10 yomanga ndi luzi, timitengo 2 tapadera, bolodi ndi choko. Tchati ndinachisiya, nyimbo ndinaisiya, magulu ndinawasiya. Nyimbo inandiwawa kuisiya, paja ndi imene inayamikiridwa.

Nthawi ndinaigawa motere, ndipo ndinalemba ngati wotchi, osati ngati kuchuluka kwa mphindi, kuti ndikangoponya diso pa foni ndidziwe ngati ndatsalira. Mphindi yoyamba: moni wachidule ndi kankhani ka ku Lizulu, samu ili kale pabolodi. Kuchokera pa 1 kufika pa 3: aliyense awerengere yekha m'kope, ine ndikuzungulira kuona amene alemba 35 ndi amene alemba 25. Kuchokera pa 3 kufika pa 8: kufufuza mayankho. Kuchokera pa 8 kufika pa 9: wophunzira mmodzi anene m'mawu ake chimene chimachitikira 4 tikabwereka, ndipo ndiwasiyire 31 kuchotsa 14 kuti akayese. Mphindi yomaliza ndinaisiya yopanda kanthu.

Theka la nthawi yonse linapita ku luso, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Ukawerengera n'kupeza kuti luso lako lili ndi mphindi 2 pa 10, ndiye kuti walemba phunziro wamba lofinyidwa, ngati langa lija. Mphindi yopanda kanthuyo si ulesi. Kudikira kumadya nthawi, mwana amachita chibwibwi, choko chimathyoka. Pulani yodzaza mphindi 10 zonse imatha pa 12.

Gawo lapakatilo ndi limene ndinalilemba mosiyana ndi mapulani onse amene ndinalembapo. Nthawi zonse timalemba kuti "mphunzitsi afunse mafunso". Apa ndinalemba mafunso enieniwo, liwu ndi liwu, m'Chichewa chimene ndidzalankhule, ngakhale kuti mitu ya pulani inali m'Chingerezi monga mwa chizolowezi. Ndinajambula mzere pakati pa tsamba, kumanzere zimene wophunzira anganene, kumanja zimene ine ndifunse.

Akati 35, ndifunsa: "Wapeza bwanji 5 ameneyu?" Osati "wapeza bwanji 35", chifukwa matenda awiri aja amasiyanira pa 5. Akati "7 kuchotsa 2", ndimupatsa timitengo: "Nazi mbatata 42 za mayi aja. Ndipatse 7 zoyamba. Utani?" Akati "12 kuchotsa 7", ndifunsa: "Khumi amene wamuphatikiza kwa 2 wachokera kuti? Ndiye kumene wachokerako kwatsala mitolo ingati?" Akati 25, naye sapulumuka: "Mnzako wapeza 35. Ungamuonetse bwanji kuti yako ndiyo yoona?" Apa ndinkayembekeza kuti wina aphatikize 25 ndi 17 n'kupeza 42, pamene 35 ndi 17 zimapereka 52. Ndipo akangokhala chete, ndinali ndi funso lotsitsa: "Wayambira mbali iti, ya 2 kapena ya 4?" Pambuyo pa funso lililonse ndinaika timadontho titatu tondikumbutsa kutseka pakamwa.

Lachinayi madzulo ndinayesa mokweza mawu kuseri kwa nyumba, foni ikuwerenga, akazi anga akundiyang'ana pawindo ngati ndayamba misala. Zinatenga mphindi 11 ndi theka. Zimene zinadya nthawi ndi kulemba samu pabolodi ndi kumasula mfundo ya luzi. N'chifukwa chake samu inalembedweratu, ndipo mitolo ndinaimanga ndi mfundo yosolola.

Aphunzitsi si ana

Pali msampha wina umene pulani iyenera kuutchera njira. Amene akhale ophunzira ako ndi aphunzitsi anzako, ndipo 42 kuchotsa 17 amaidziwa ali m'tulo. Ukawasiya, onse alemba 25 ndipo ulibe chofufuza. Apo ayi, wina wanthabwala ayamba kuchita ngati mwana wovuta, kulira, kupempha kupita panja, anthu n'kumaseka mpaka foni kulira.

Ndinadula timapepala 8 ta anthu 8 amene akhale kalasi yanga. Awiri analandira kakuti "lemba 35, ukafunsidwa unene kuti 7 kuchotsa 2". Awiri ena "lemba 35, unabwereka koma 4 sunamuchepetse". Atatu "lemba 25". Mmodzi "lemba 35, koma ukafunsidwa khala chete mpaka akufunsenso". Ndinapempha mnzanga wina kuti awagawe mosakaniza, ine ndisadziwe kuti wanyamula kati ndani.

Otsalawo anali oonerera, ndipo nawo ndinawalembera ntchito kumunsi kwa pulani. Mmodzi aike kamzere pa yankho lililonse la wophunzira, ndi kuzunguliza limene ndinalitsatira ndi funso. Wachiwiri awerenge masekondi kuchokera pamene ndatseka pakamwa kufika pamene ndalankhulanso. Wachitatu alembe mafunso anga ndendende mmene atulukira. Za kavalidwe, mawu, kaimidwe, ndinawapempha azisunge.

Loweruka lachiwiri

Ndinamaliza pa mphindi 9 ndi masekondi angapo. Ndikukhala pansi ndinkadzimva kuti ndamenya bwino, mpaka mapepala a oonerera atawerengedwa.

Mayankho a ophunzira analipo 9, ndipo 6 ndinawatsatira ndi funso. Atatu otsalawo onse anali olondola: munthu akangoti 25, kapena "khumi wachokera kwa 4", pakamwa panga panatuluka "eya, very good" ndisanaganize n'komwe. Choncho chizolowezi changa chinathyoka mbali imodzi yokha. Zolakwa ndinazifufuza, zolondola ndinazimeza.

Wa masekondi anali ndi nkhani yowawa kuposa. Pa mafunso 6 aja, masekondi 3 ndinawafikitsa kawiri. Kwa mayi amene anatenga kapepala kokhala chete, ndinadikira sekondi imodzi ndi theka, n'kufunsanso, n'kuwonjeza funso lachitatu pamwamba, kenako n'kuyankha ndekha. Ine m'mutu mwanga ndinkaona ngati ndadikira mpaka kutopa. Kukhala chete uli kutsogolo kwa anthu kumatalika modabwitsa.

Wachitatu anawerenga funso limodzi mmene ndinalinenera: "Ndiye pamenepa 4 uja wasanduka 3, eti?" Anthu anaseka, inenso ndinaseka. Papepala ndinalemba "kwatsala mitolo ingati?", koma nditaona nthawi ikuthamanga ndinaika yankho m'kati mwa funso n'kumata "eti" kumapeto. Funso la "eti" limangofuna "inde", ndipo mwana wa ulemu sakana.

Alangizi sanawonjezere zambiri. Anangofunsa kuti pulani ndiisintha pati. Ndinati pawiri: pa mzere wa yankho lolondola ndilemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti USAYAMIKE KAYE, ndipo m'malo mwa timadontho titatu ndizigunda chala pantchafu katatu ndisanalankhule.

"Mwaona kusiyana kwake?" anatero. "Sabata yatha munachoka pano ndi uphungu woti muzifulumira. Mukanakachita nawo chiyani?"

Tinabwereza tsiku lomwelo titamwa tiyi, ndi gulu la anthu 8 ndi timapepala tomwe tija. Pa mayankho 8 ndinatsatira 7. "Eti" anatulukabe kamodzi.

Lolemba, ndi ana enieni

Sindinganame kuti zonse zinasamukira m'kalasi mmene zinalili. Kalasi yanga chaka chimenecho inali ndi ana 90 ndi kuposerapo, ambiri atakhala pansi. Ukaima pa mwana mmodzi masekondi 3, kumbuyo kumayamba phokoso, wina watsina mnzake, wina akufuula yankho. Aphunzitsi 8 oleza mtima sakuphunzitsa zimenezo. Komanso mwana weniweni akafunsidwa kuti "wapeza bwanji?" amaganiza kuti walakwa, amafufuta msangamsanga, chifukwa moyo wake wonse funso lachiwiri limabwera akalakwa basi. Zinanditengera masabata angapo, ndikufunsa ngakhale okhoza, kuti asiye kuopa.

Komabe Lolemba lomwelo ndinalemba 42 kuchotsa 17 pabolodi. Manja a 35 anali ambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinaloza kamtsikana kena kapakati, kamene sikalankhula kawirikawiri, n'kufunsa za 5 uja, n'kuyamba kugunda chala pantchafu. Kamodzi, kawiri, katatu. Ndinatsala pang'ono kuloza wina.

"Ndinatenga 17 n'kuwerenga zala mpaka 42, sala," kanatero motsitsa mawu. "Koma zala zinandithera, ndiye ndinaonera kwa uyu."

Limenelo pamzere wakumanzere wa pulani yanga panalibe. Ndinakapatsa mitolo 4 ija ndi timitengo 2, n'kukauza kuti kandipatse 17.